Za minibasi ya Loweruka

Lolemba

Achemwali, 7:12 madzulo
Mwaswera bwanji nonse? Galimoto yopitira ku mwambo wa chitsiriza wathu womaliza maphunziro yapezeka. Ndi minibasi ya mipando 15. Ndakaiona ndekha masanawa, matayala ake ndi abwino ndipo malamba a m'mipando akugwira. Adalaivala atchula 180,000 kupita ndi kubwera, mafuta ali momwemo, komanso atidikirira mpaka 4 koloko madzulo. Tikapyola pamenepo, ola lililonse ndi 10,000.

Amene tinalembetsa tilipo 13. Agogo salipira, monga tinagwirizanira, ndiye otsala 12 aliyense apereka 15,000. Adalaivala akufuna theka, 90,000, pofika Lachitatu masana, apo ayi galimoto aipereka kwa ena. Chonde tumizani pa nambala yangayi, ndipo mukatumiza mundiuze, chifukwa ena mumatumizira pa foni ya mnzanu ndiye dzina limabwera lachilendo.

Achemwali, 7:20 madzulo
Nthawi zake ndi izi. Pa 4:45 m'mamawa galimoto itenga agogo ndi amayi pakhomo. Ena tonse tikumana 5 koloko pa filing'i siteshoni yoyang'anizana ndi sukulu, kumbali yopopera matayala, poti m'pamene pali magetsi owala. Tinyamuka 5:15. Amalume tikawatenga pamphambano 6:20. Mwambo ukuyamba 9:30, koma pakalata yoitanira alemba kuti alendo akhale atakhala pansi pofika 9 koloko. Ulendowu ndi wa maola atatu ndi mphindi zingapo, ndiye nthawi yotsalira ndi yochepa kwambiri.

Amalume, 7:41 madzulo
Zikomo mwanawe, wagwira ntchito. Koma ine ndikukwerera panjira. Kodi nanenso ndi 15,000 yomweyo?

Achemwali, 7:48 madzulo
Ndi yomweyo amalume, pepani. Mpando wanu uchoka kuno wopanda munthu kuti mudzaupeze, ndipo mtengo wa galimoto sutsika chifukwa mwakwerera kutsogolo. Tikakuchotserani, ndalamayo igwera enawa. Ngati zavuta sabata ino, perekani theka, yotsalayo mudzandipatsa m'galimoto.

Amalume, 7:50 madzulo
Ndamva, palibe vuto. Mawa nditumiza yonse.

Lachiwiri

Azakhali, 6:05 m'mawa
Mwadzuka bwanji ana anga? Ine 5 koloko sindingafike pa siteshonipo. Kuchokera kwathu ndi mtunda, kukakhala kudakali mdima, ndiye mwendo wangawu mukuudziwa.

Achimwene, 6:30 m'mawa
Musadandaule azakhali. Bwerani Lachisanu madzulo mudzagone kwathu, m'mawa tidzayendera limodzi. Kuchokera pakhomo panga ndi mphindi 10 basi.

Azakhali, 6:33 m'mawa
Ambuye akudalitse. Ndibwera kusanade.

Alamu, 12:15 masana
Kodi malo alipobe? Kuntchito andilola, ndikufuna ndipite nawo.

Achemwali, 12:40 masana
Alipo alamu, mipando iwiri inali yotsala. Tsopano olipira takwana 13. Maganizo anga ndi oti tisatsitse mtengo, 15,000 yowonjezerayo ndiisunge. Mwina pakakhala cholipira poimika galimoto, ndiponso ndikukayika ngati tidzathedi kunyamuka 4 koloko, poti mwambo ukatha pamakhala kujambulitsa, ndipo mwanayo ali ndi katundu woti titulutse kogona. Ikapanda kugwira ntchito tidzagawana pobwera. Amene sakugwirizana nazo anene lero.

Achimwene, 12:52 masana
Zili bwino. Koma katunduyo akwana? Ali ndi sutikesi yaikulu, matiresi ndi makatoni awiri a mabuku.

Achemwali, 1:10 masana
Ndawafunsa adalaivala. Mpando wotsalawo ndi wa mwini mwambo pobwera, ndiye sutikesi ndi makatoni zilowa kumbuyo, matiresi akamanga pamwamba. Achimwene mutenge chingwe chija. Enafe aliyense kachikwama kamodzi koika pamiyendo.

Lachitatu

Achemwali, 11:30 m'mawa
Anthu 11 alipira, 90,000 ndapereka ndipo galimoto ndi yathu. Awiri otsalanu mukudzidziwa, pofika Lachisanu mukhale mutatumiza. Amene angasinthe maganizo kuyambira pano ndalama yake sibwerera, pokhapokha atapeza womulowa m'malo.

Lachisanu

Achemwali, 8:02 usiku
Ndalama zonse zakwana, zikomo. Minibasiyo ndi yoyera, ili ndi mzere wobiriwira m'mbali. Agogo akhala mpando wapafupi ndi chitseko kuti asavutike potsika, amayi pambali pawo. Mafoni atchajidwe usiku uno. Amalume, tikatsala mphindi 15 ndikuimbirani, muime mbali ya kumanzere ya msewu, patsogolo pa chikwangwani.

Ndikupempha ndi mtima wonse, 5:15 tinyamukedi. Mwanayu wavutika zaka 4, ndipo dzulo pafoni wandifunsa kawiri ngati agogo akhale atalowa dzina lake likamaitanidwa. Ndamulonjeza kuti akhalamo.

Achimwene, 8:09 usiku
Azakhali afika bwino, chingwe chili kale m'chikwama. Tipezeka pa siteshoni 4:50.