Masabata 41

A Mbewe anagwira ntchito zaka 14 pa kampani ina yocheka matabwa ku Dedza, akuyendetsa makina a sowo. Kumapeto kwa Seputembala 2023 anaitanidwa ku ofesi pamodzi ndi anzawo, nauzidwa kuti mitengo ya paini yachepa m'phiri, ntchito yatha. Kalaliki anawawerengera ndalama yachipukuta misozi monga likunenera lamulo la ntchito: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa zaka zisanu zotsatira, masabata anayi pa chaka chilichonse kuyambira cha 11. Zonse pamodzi masabata 41. Pa malipiro a K180,000 pamwezi inakwana pafupifupi K1.7 miliyoni.

Anasayina osanena kanthu. Mawu anadzatulukira kunyumba.

Tsiku loyamba anakalipira ndiwo, akuti mafuta achuluka. Lachiwiri anakalipira Tadala chifukwa chosiya babu woyaka kubafa. Pofika sabata yachitatu ana anali ataphunzira kumva mapazi a bambo awo ali kumsewu, n'kuzimitsa wailesi. Galu yemwe anayamba kugona kuseri kwa khola.

"Bambo a Tadala," anatero NaPhiri madzulo ena, akusenda kachewere, "achimwene akuti dimba la amayi ku Bembeke likungokhala. Tikanatapako ndalama ija tigule mbewu ndi feteleza mvula isanagwe."

"Ndalama yake ya ndani? Munachekako thabwa inu?"

NaPhiri anapitiriza kusenda.

Mu Novembala boma linagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. A Mbewe anamva nkhaniyi ali pa bawo, ndipo anatukwana boma, kampani, kalaliki, ndi mnzawo amene anawadyera nkhomo. Atapita kusitolo ya zaulimi kukangofunsa, anapeza mtengo wa thumba la feteleza utasinthidwa ndi cholembera pamwamba pa wakale. Usiku umenewo anadzuka tambala asanalire, nayamba kuwerenga mumdima: lendi, fizi ya Tadala wa Fomu 3, chimanga, magetsi. Masabata 41 aja anasanduka 30, kenako 25. Pakamwa panauma. M'manja munali thukuta ngakhale kuti mphepo ya ku Dedza inali kulowa pansi pa chitseko. M'mawa anaswa kapu chifukwa tiyi anali wozizira.

Amene anawakokera kumunda anali alamu awo, a Gelevazio, mlimi wa kachewere wosadziwa kunyengerera.

"Alamu, sindikukupemphani ndalama. Ndikufuna manja. Bwerani Loweruka."

Anapita, makamaka pothawa maso a m'nyumba. A Gelevazio anawapatsa dengu la mbewu kuti asankhe. Yofunika ndi yaikulu ngati dzira la nkhuku, yotuluka maso aafupi, onenepa, obiriwira. Ya maso aatali oyera inasungidwa mumdima, imathyoka pobzala. Anadula imodzi pakati naifinya: m'mphepete mwa mnofu munatuluka timadontho toyera.

"Iyi ndi ya matenda ofwetsa. Mukaibzala, mbewu imafota masana dzuwa likawala ngakhale nthaka ili yonyowa, ndipo mankhwala ake kulibe. Mumazula n'kukataya kutali, pamalopo osabzalaponso kachewere kapena tomato zaka zingapo. N'chifukwa chake sindigula mbewu ya pamsewu pa Lizulu pokhapokha ndikumudziwa mwini munda."

Anabzala motalikana phazi limodzi pamzere, maso kuyang'ana kumwamba, feteleza pambali kuti asakhudze mbewu. A Mbewe anagwira bwino ntchito mpaka pamene a Gelevazio anatchula za chiwawu, matenda amene amabwera ndi nkhungu ndi mvula yamawawa, n'kudetsa masamba ngati awauka ndi moto.

"Ukachedwa kupopera sabata imodzi nyengo yotere, munda wonse umapita. Mankhwala aja a ufa wachikasu amateteza, sachiza. Umapopera matenda asanaoneke, ndipo mvula ikatsuka umabwerezanso."

"Ndiye mukufuna nditaye ndalama yanga pa zinthu zotha sabata imodzi?" A Mbewe anaponya khasu pansi. Mawu anakwera mpaka amayi a kudimba loyandikana anaweramuka. "Nonsenu mwaiona ndalama imeneyi! Mlongo wanu, inu, aliyense!"

A Gelevazio anawayang'ana manja, osati nkhope.

"Alamu, mukunjenjemera."

Anayang'ana. Zala zinali kugwedezeka zokha. Zimenezi anazidziwa, chifukwa zinawachitikirapo kamodzi kuntchito, tsiku lomwe sowo inaduka makina akuthamanga, chitsulo n'kudutsa pafupi ndi khutu lawo. Tsiku limenelo pakamwa panauma chimodzimodzi, mawondo anafewa chimodzimodzi, ndipo sanakwiyire munthu aliyense. Anatola khasu, namaliza mzere mwakachetechete.

Sikuti anasintha tsiku lomwelo. Lachitatu anakalipiranso Tadala atabweretsa kalata ya ndalama ya mayeso. Koma ali pakati pokalipa anamva lilime likumata kunkhama, ndipo anaona kuti kuumako kunayamba asanatsegule pakamwa, pamene maso anagwera pa chiwerengero cha pakalatapo. Anatuluka panja osamaliza mawu. Kuyambira pamenepo anayamba kudzitchera khutu. Ndiwo za mafuta ambiri: botolo litha msanga. Babu woyaka: mayunitsi. NaPhiri akatchula Bembeke: kubwerera kumudzi kwa mkazi, mkamwini wa zaka 47 wopanda kanthu m'manja, anthu akuloza ndi milomo.

Ndipo kunsi kwa zonsezi kunali bambo awo. Iwo anali a ku Theba, ankapita kumigodi ya ku Joni n'kubwera ndi mabulangete ndi njinga. Ulendo wa kumigodi utatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anakhala pakhonde. Njinga inagulitsidwa, kenako wailesi, kenako malata. A Mbewe anasiyira sukulu Sitandade 7. Zaka zonsezi ankakumbukira bambo awo ngati munthu waukali, woti ukamuona ukhotere kunjira ina. Sanaganizepo kuti mkulu uja naye ankadzuka usiku kuwerenga.

Usiku wina NaPhiri anatembenuka nawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi.

"Mwadwala?"

"Ayi." Panapita nthawi. "Mayi a Tadala, ndalama ija yatsala K1.1 miliyoni. Ikatha sindikudziwa chochita. Ine ndimadziwa sowo basi. Ndikuopa."

Mawu omalizawo anatuluka movuta, motsika kwambiri. NaPhiri sanawatonthoze. Anadzuka, nayatsa tochi ya pafoni, natulutsa kope la kubanki m'khonde pansi pa matiresi.

"Ine ndinayamba kuopa tsiku lomwe munabwera ndi kalata ija. Koma ndimaopa ziwiri, njala ndi inu. Chimodzi chichoke, chinacho tithana nacho." Anatsegula tsamba lakumapeto, pomwe anali atalemba kale ndi pensulo. "Fizi ya Tadala ya chaka chonse tiyike padera, isakhudzidwe. Lendi ya miyezi itatu padera. Yotsalayo tilime theka la ekala, osati yonse, kuti chiwawu chikatimenya tisagwe nacho. Achimwene atibwereka sipuleya. Ndipo anyamata ocheka matabwa pamanja aja amanoletsa kuti masowo awo?"

"Amanola okha. Amawononga mano, satha kuwapinda mofanana, n'chifukwa chake sowo imawakanirira m'chipika."

"Nanga tupa wanu uja ali kuti?"

"M'bokosi."

"Mawa mumutulutse. Koma muyambe mwalankhula ndi Tadala asanapite kusukulu. Mwanayu wasiya kudya mukakhala patebulo."

A Mbewe anasendera pafupi ndi kuwala, natenga pensulo.

"Apa mwaiwala mtengo wa matumba ndi ngolo yotutira kumsewu," anatero, nayamba kulemba.