Chipepeso pa imfa ya mayi anu

Okondedwa aNangozo,

Pepani kwambiri. Uthenga woti mayi atisiya wandipeza m'mawa uno ndikutsegula sitolo, ndipo anzanu onse atamva anangoti kakasi. Ndayesa kukuimbirani koma foni yanu sikupezeka, ndiye ndati ndilembe kuti muwerenge mukapeza mpata. Musavutike ndi kuyankha.

M'malo mwa banja langa ndi onse ogwira ntchito pano pa Dedza, ndikupepesa inu, achimwene anu, ana ndi abale onse kumudzi. Tinkadziwa kuti mayi akudwala chiyambire Ogasiti, ndipo tinaona mmene munkavutikira, kuweruka Loweruka masana n'kuthamangira minibasi ya ku Lizulu kuti mukawadwazike, Lolemba m'mawa muli kale pa kauntala maso ali psuu. Munawasamala mayi anu, ndipo ife ndife mboni.

Ineyo ndinkawadziwa pang'ono chabe, komabe sindidzawaiwala. Chaka chatha atabwera kudzagula mbewu ya chimanga anakana kwamtuwagalu kuti muwadumphitse pamzere, akuti mwana wawo asanenedwe pantchito. Anaima padzuwa pamodzi ndi alimi anzawo, atamangirira ndalama pansonga ya chitenje, ndipo pochoka anatisiyira thumba la mbatata ya kachewere ya m'dimba mwawo kuti tigawane. Khalidwe lanu losunga ndalama za anthu mokhulupirika tinaona tsiku limenelo kumene linachokera.

Tsopano za ntchito, chifukwa ndikukudziwani. Ndamva kuti usiku womwewo munatumiza uthenga kwa a Phiri kufunsa za makiyi a kabati ndi buku la ngongole. Chonde, zimenezo zichotseni m'mutu. N'zoona kuti Novembala ndi mwezi wa chipwirikiti, mvula yayandikira ndipo aliyense akufuna feteleza ndi mbewu nthawi imodzi, koma sitolo siigwa. Makiyi ndatenga ine. A Phiri akhala pa kauntala, ndipo mabuku ndizitseka ndekha madzulo, ngakhale mudzadandaule ndi kalembedwe kanga mukadzabwera.

Takupatsani masabata awiri, ndipo tikuyembekezerani Lolemba pa 25 Novembala. Masiku amenewa sachotsedwa pa masiku 18 a tchuthi chanu cha pachaka, komanso malipiro a mwezi uno mulandira onse. Ndikudziwa kuti maliro sathera kumanda. Pali kusesa, pali kukhala pansi ndi amalume ndi eni mbumba kukambirana za nyumba, munda ndi ana awiri aja ankakhala ndi agogo awo. Inu ndinu mwana wamkazi wamkulu, zambiri zigwera pa inu. Ngati tsiku limenelo lifika zinthu zisanalongosoke, ingondiuzani, tionjezera.

Kumbali ya thandizo, kampani yapereka K350,000 ya bokosi, ndipo ndatumiza kale pa Airtel Money ya achimwene anu monga anapempha. Iyi si ngongole, sidzadulidwa pa malipiro. Galimoto yathu ya matani awiri inyamuka mawa 6 koloko m'mawa kukatenga thupi kuchipatala kupita nalo kumudzi, mafuta ndi athu, ndipo dalaivala akhala nanu mpaka mwambo utatha, kuti athandizenso kututa nkhuni ndi madzi. M'galimotomo muli matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, chogayitsa kale, nyemba, shuga, mchere ndi lona lalikulu lija timafunditsira feteleza, poti mitambo yayamba kuopseza ndipo anthu ogona pasiwa angavumbwe. Anzanu nawonso asonkha chipepeso chawo, chimene adzapereka okha pamaso pa amfumu.

Tamva kuti mwambo woika m'manda uli Lachinayi pa 14, ndipo autsogolera ndi a mpingo wa CCAP wa ku Mlanda, kumene mayi anali a Chigwirizano. Tsiku limenelo sitolo titseka. Tonse tinyamuka m'mawa kudzera msewu wa M1, ndipo amayi awiri a kuno abwera mawa ndi galimoto kuti adzagone nanu ndi kuthandiza kuphika. Chomwe ndikupempha n'chakuti wina wa pabanja atiuze pokhotera tikadutsa pamsika wa Lizulu, ndiponso ngati msewu wafumbi wolowera kumudzi uli bwino.

Ngati pali china chimene chasowa, kaya ndiwo za adzukulu kaya ndalama yoyendera abale ochokera kutali, auzeni achimwene anu andiimbire nthawi ina iliyonse, ngakhale usiku. Musachite manyazi.

Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi banja lonse, ndipo mzimu wa mayi uuse mumtendere. Tionana Lachinayi.

Ndine wanu pachisoni chimenechi,

A Mbewe
Mwini sitolo, Dedza