Chidule cha kauniuni wa chisamaliro cha odwala bipi pa chipatala chimodzi chaching'ono

Kwa Wapampando ndi mamembala a komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha anthu pa kafukufuku, m'boma la Dedza
16 Febuluwale 2026

Wolemba ndi kilinikolo ofesala wa pachipatalapo. Dzina la chipatala ndi mayina a ogwira ntchitoyi ali pa fomu yofunsira chilolezo. M'chidule chino sitinawaikemo dala, chifukwa chiwerengedwa ndi anthu ambiri kuposa fomuyo.

Chimene tikufuna kuchita

Tikufuna kuwerenga makhadi a anthu odwala matenda othamanga magazi, amene ambiri timangowatchula kuti bipi, omwe anathandizidwa pa kiliniki yathu ya Lachitatu kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala 2025. Funso lathu ndi limodzi: kodi chisamaliro chimene tinapereka chikufanana ndi chimene malangizo amanena? Sitipima munthu aliyense, sititenga magazi, sitisintha mankhwala a wina kuti tione chomwe chichitike, ndipo sitifunsa odwala mafunso. Ntchito yonse ithera pa mapepala amene ali kale mu kabati.

Chifukwa chake

Kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi bipi yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Matendawa nthawi zambiri sapweteka. Munthu amalima, kupita ku msika, mpaka tsiku limene adzagwe ndi sitiroko, kapena mtima ndi impso zitatopa. Amene afika pa kiliniki yathu ndi ochepa amene apezeka nawo, ndiye ngati nawonso tikuwaphonya, tiyenera kudziwa pamene tikuwaphonyera.

Pachipatala pathu aliyense ali ndi ganizo lake. Ena amati vuto ndi mankhwala kutha, ena amati odwala amasiya kumwa akangomva bwino, ena amaloza makina opimira. Makinawo tili nawo awiri, a mabatire, ndipo lamba wake ndi wa saizi imodzi. Lamba wochepa akamangidwa pa mkono waukulu, nambala imatuluka yokwera kuposa yeniyeni. Zonsezi zikhoza kukhala zoona, koma palibe amene anakhalapo pansi n'kuwerenga.

Muyeso umene tigwiritse ntchito

Titsata malangizo a kaperekedwe ka mankhwala a Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO a m'chaka cha 2021. Malangizo a WHO amati munthu wamkulu ayambe mankhwala bipi yake ikatsimikizika kuti ndi 140/90 kapena kuposa, cholinga chikhale kuitsitsa pansi pa 140/90, azionedwa mwezi ndi mwezi mpaka itatsika, kenako pa miyezi 3 mpaka 6 iliyonse.

Pa khadi lililonse tiona ngati bipi inalembedwa ulendo uliwonse, ndiponso ngati pa ulendo womaliza inali pansi pa 140/90. Tiona mankhwala amene munthuyo akumwa: aja okodzetsa amene pa khadi timalemba HCTZ, amulodipini, enalapirili kapena atenololo. Tiona ngati shuga ndi mkodzo zinapimidwa kamodzi m'chakacho, ndi maulendo amene munthu sanabwere pa tsiku lake. Makhadi a m'chipinda chosungira mankhwala atiuza masiku amene mankhwala aliwonse anali atatha.

Koma chimene ine ndikuchiona chachikulu ndi ichi: munthu akapezeka ndi bipi yokwera maulendo awiri otsatizana, kodi panachitika kanthu? Kuwonjezera mlingo, kuwonjezera mtundu wina wa mankhwala, kapena kungolemba kuti wafunsidwa ngati akumwa bwino. Khadi limene lili ndi 162/98, mwezi wotsatira 158/100, mwezi winanso 165/96, ndipo pambali pake pangolembedwa kuti apitirize omwewo, likunena za ife ogwira ntchito, osati za wodwalayo.

Makhadi ake ndi ati

M'kaundula muli mayina 212. Titenga onse a zaka 18 kapena kuposa amene akhala pa kiliniki miyezi 6 kapena kuposa, kuphatikizapo amene anasiya kubwera ndi amene anamwalira m'chakacho. Kuwasiya amenewa kungapangitse zotsatira kuoneka zokongola mwabodza. Amayi oyembekezera sitiwawerengera, chifukwa chisamaliro chawo n'chosiyana ndipo amaonedwa ku sikelo. Enalapirili sapatsidwa kwa mayi woyembekezera, ndiye tikaona khadi losonyeza kuti mayi anatenga pakati ali pa mankhwalawa, tiuza namwino wamkulu tsiku lomwelo.

Pempho loti tisafunse chilolezo kwa munthu aliyense payekha

Tikupempha komiti itilole kuwerenga makhadiwa popanda kusainitsa eni ake. Zifukwa zake ndi izi. Palibe chimene chichitike pa thupi la munthu. Ena mwa eni makhadi anamwalira, ena anasamuka, ena amachokera tsidya la malire ku Mozambique ndipo sitingawapeze. Tikati tingowerenga makhadi a amene tawapeza n'kusaina, titsala ndi anthu okhulupirika okhaokha, pamene kauniuniyu akufuna kwambiri aja amene anatayika. Ndiponso kutuma mlangizi wa zaumoyo pakhomo la munthu ndi fomu m'manja kungaulule matenda ake kwa anansi kuposa kuwerenga khadi m'chipinda chotseka.

Sikuti tichita mobisa. Tikhoma chidziwitso m'Chichewa pakhomo la kiliniki, ndipo namwino azichiwerenga mokweza pa phunziro la m'mawa Lachitatu lililonse kwa mwezi wathunthu tisanayambe, popeza ambiri mwa odwala athu ndi achikulire ndipo ena sawerenga. Amene sakufuna kuti khadi lake liwerengedwe angouza namwino, osapereka chifukwa, ndipo chithandizo chake sichisintha. Komiti ya chipatala, imene muli oimira mudzi, tiifotokozera pa msonkhano wake wa mwezi wa Malichi.

Chinsinsi

Chiopsezo chenicheni cha ntchito ino chili apa. Dera lathu ndi laling'ono, anthu amadziwana. Kulemba kuti mwamuna wa zaka 71 wa m'mudzi wakutiwakuti amene anagwa sitiroko, n'chimodzimodzi kulemba dzina lake. Choncho pa fomu yokopera sipakhala dzina, mudzi, nambala ya foni kapena tsiku lobadwa. Zaka tiziika m'magulu a khumikhumi. Pa makhadi pali malo osonyeza zotsatira za magazi za HIV. Amenewo sitikopera, chifukwa funso lathu silikuwafuna. Mu lipoti, gulu lililonse la anthu osakwana 5 tiliphatikiza ndi lina.

Makhadi satuluka m'chipatala ndipo sajambulidwa pa foni. Zokopera zilowa mu kompyuta imodzi yokhala ndi nambala yachinsinsi, ndipo sizitumizidwa pa WhatsApp. Tikudziwa kuti lamulo loteteza mbiri za anthu la m'chaka cha 2024 limafuna kuti mbiri ya umoyo wa munthu isamalidwe mwapadera, ndipo tilitsata.

Tikapeza munthu amene ali pangozi

Apa pali mfundo ziwiri zolimbana, ndipo tikufuna komiti itiunikire. Tikachotseratu njira yolumikizira fomu ndi dzina, chinsinsi chimalimba. Koma taganizani za khadi losonyeza 190/115 m'mwezi wa Ogasiti, mwini wake osabweranso. Kungomuwerengera m'gulu la otayika n'kupitirira, ife tikuona kuti n'kulakwa.

Maganizo athu ndi akuti pakhale pepala limodzi lolumikiza nambala ya fomu ndi nambala ya khadi, lokhomeredwa mu kabati ya namwino wamkulu. Aliyense amene bipi yake yomaliza inali 180/110 kapena kuposa, ndipo sanabwere kwa miyezi 2, dzina lake lipite kwa namwino wamkuluyo pasanathe maola 24. Kuyambira pamenepo ndi nkhani ya chithandizo cha masiku onse: aimbiridwe foni, ikalephereka mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake akamuuze kuti akufunika kuchipatala, osatchula matenda pamaso pa anthu ena. Pepala lolumikiziralo liwotchedwa pakatha miyezi 3 chimalizireni kukopera.

Ogwira ntchito nawonso atetezedwe

Olemba makhadiwa tilipo atatu okha, ndipo zolemba za aliyense zimadziwika ndi kalembedwe kake. Zotsatira tizipereka za kiliniki yonse, osati za munthu. Sizigwiritsidwa ntchito pomuweruza wina kapena pomukweza pa ntchito. Anzanga awiriwo ndawafotokozera ndipo avomera, koma ngati angasinthe maganizo akhoza kuuza komiti mwachindunji osadzera mwa ine.

Komiti idziwenso kuti ine ndine mmodzi mwa atatuwo, ndiye ndikuunika ntchito yanga yomwe. Pachifukwa ichi sindikopera nawo. Akopera ndi namwino wochokera ku chipatala china pamodzi ndi kalaliki wathu wa kaundula, onse atasaina lonjezo losunga chinsinsi. Khadi limodzi mwa 10 alionse likopedwa kawiri ndi anthu awiriwo payekhapayekha, kuti tione ngati akugwirizana.

Pamene kauniuniyu akuperewera

Buku la kuchipatala munthu amapita nalo kwawo. Pa tsiku limene mzere wafika panja, zimatheka kulemba m'bukumo n'kuiwala khadi. Choncho mu lipoti tizinena kuti sizinalembedwe, osati sizinachitike. Nambala za bipi nazonso n'zotengedwa pa mzere, mwina munthu atangoyenda mtunda wautali osapuma mphindi 5 zimene zimafunika. Ndipo ichi ndi chipatala chimodzi, zotsatira zake sizingayankhulire boma lonse la Dedza.

Nthawi, ndalama ndi zotsatira

Chidziwitso chikhomedwa mu Epulo, kukopera mu Meyi, lipoti likhale litatuluka pofika pa 31 Julayi 2026. Kukopera kuzichitika masana a Lachinayi ndi Lachisanu kuti kusasokoneze odwala. Ndalama zofunika ndi K240,000, za mapepala ndi mayendedwe a namwino wobwera, ndipo tazipempha ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Palibe kampani ya mankhwala imene yaikapo ndalama, ndipo palibe wodwala amene alipidwe.

Zotsatira tizipereka kwa ogwira ntchito, ku komiti ya chipatala, kwa oyang'anira matenda osapatsirana m'boma ndi kwa odwala eni ake pa phunziro la Lachitatu. Tisankha zinthu ziwiri kapena zitatu zoti tikonze, n'kubwereza kauniuniyu pakatha miyezi 12.

Zimene tikupempha komiti

1. Itsimikize kuti ntchitoyi ndi kauniuni wokonza chisamaliro. Ikaona kuti ndi kafukufuku, tipita nayo ku komiti ya dziko lonse ya NHSRC tisanakhudze khadi lililonse. Tichitanso chimodzimodzi ngati titadzafuna kusindikiza zotsatira.
2. Itilole kuwerenga makhadi popanda kusainitsa munthu aliyense payekha, potsata njira ya chidziwitso ndi ufulu wokana.
3. Ivomereze kapena ikonze ndondomeko yolondola anthu amene ali pangozi, makamaka malire a 180/110 ndi nthawi yosungira pepala lolumikizira.

Pamodzi ndi chidule chino tatumiza fomu yokopera, chidziwitso cha pakhomo la kiliniki, lonjezo losunga chinsinsi ndi kalata ya mkulu wa chipatala yovomereza ntchitoyi.