Lipoti la laboletale: kapangidwe ka chitsanzo U-7 malinga ndi sipekitiramu ya ¹H NMR

Kosi: Kemisitiri ya oganiki, chaka chachitatu
Malo: Yunivesite ya Mzuzu, Luwinga

1. Zomwe ndinapatsidwa

Chitsanzo U-7 ndi chamadzimadzi, chopanda mtundu, chonunkhira pang'ono. Fomyula yake ndi C10H12O3 (M = 180.20). Pa IR pali chizindikiro champhamvu pa 1712 cm⁻¹, ndipo palibe chotambalala cha O–H. Sipekitiramu ya ¹H NMR ndinailandira itasindikizidwa kale papepala: 400 MHz, mu CDCl3, TMS pa 0.00 ppm.

DBE = (2 × 10 + 2 − 12) / 2 = 5. Mphete ya benzini itenga zinayi, yotsalayo ndi C=O yomwe IR yaonetsa.

```
δ/ppm  H  mizere  malo a mizere/Hz
8.00   2  2       3204.5 3195.6
6.91   2  2       2768.5 2759.6
4.35   2  4       1750.7 1743.6 1736.4 1729.3
3.85   3  1       1540.0
1.38   3  3       559.1 552.0 544.9
```

Intigireshoni ikupereka 2:2:2:3:3, zonse pamodzi 12, mogwirizana ndi fomyula. Palibe pulotoni yemwe wasowa.

2. Kapangidwe komwe ndikupereka

Ndikunena kuti U-7 ndi `ethyl 4-methoxybenzoate`, CH3O–C6H4–COOCH2CH3, magulu awiriwo atakhala moyang'anizana pamphete, pa 1 ndi 4. M'lipoti lino ndizikatchula A. Kagawikidwe ka zizindikiro kandipatsa zidutswa zonse za molekyulu, koma pakokha sikakwanira kutsimikiza A. Mbali yotsalayo yadalira malo a chizindikiro chimodzi chokha, ndipo ndaifotokoza payokha mu gawo 5.

3. Kwateti ndi tiripuleti

Lamulo la n + 1 likuti pulotoni yemwe ali ndi anzake n ofanana pa kaboni woyandikana naye amagawika m'mizere n + 1. Chizindikiro cha pa 4.35 chili ndi mizere inayi, choncho oyandikana nacho ndi atatu. Cha pa 1.38 chili ndi mizere itatu, oyandikana nacho ndi awiri. Tikaika intigireshoni pambali pake, mapulotoni awiri akuona atatu ndipo atatuwo akuona awiri, ndiye kuti CH2–CH3.

Kuwerenga mizere kokha si umboni wokwanira. Zizindikiro ziwiri zimatha kuoneka ngati zikuyenderana pamene chilichonse chikugawidwa ndi gulu lina. Umboni weniweni ndi J, chifukwa magulu awiri omwe akugawana amakhala ndi J imodzimodzi. Pa kwateti mipata yake ndi 7.1, 7.2 ndi 7.1 Hz, pa tiripuleti ndi 7.1 ndi 7.1 Hz. Kusiyana kwa 0.1 Hz kumachokera poyeza. Ndalemba ³J = 7.1 Hz mbali zonse ziwiri, ndipo nambala imeneyi ndi yomwe timayembekezera pa mabondi atatu, H–C–C–H, pamene bondi ya pakati ikuzungulira momasuka.

Kutalika kwa mizere ndinakuyeza ndi rula papepala. Ya kwateti ndi 11, 34, 35 ndi 12 mm, pafupifupi 1:3:3:1. Ya tiripuleti ndi 37, 72 ndi 36 mm, pafupifupi 1:2:1. Umu ndi momwe ziyenera kukhalira malinga ndi manambala a Pascal. Kuyezaku kuli ndi ntchito yake. Mizere inayi ingathenso kukhala dabuleti ya madabuleti, koma imeneyo imatalika mofanana, 1:1:1:1, ndipo kawirikawiri mipata yake siyofanana. Apa siili choncho. Komanso lamulo la n + 1 limagwira bwino pokhapokha zizindikiro zogawanazo zitatalikirana kwambiri poyerekeza ndi J. Apa Δν = 1740 − 552 = 1188 Hz, ndipo Δν/J ndi pafupifupi 167, kutali ndithu ndi malire a 10 omwe timaphunzitsidwa.

Mfundo ina ili m'zomwe sizikuoneka. Kwateti ilibe kugawika kwina kulikonse, kutanthauza kuti mbali ina ya CH2 kuli atomu yopanda haidirojeni. Pa 4.35 ppm atomu imeneyo ndi okisijeni. CH2 womata pa C=O akanakhala cha pa 2.3 mpaka 2.6, womata pamphete cha pa 2.7. Chidutswa choyamba ndi O–CH2–CH3.

Singileti ya pa 3.85 siyovuta: mapulotoni atatu opanda oyandikana nawo, pamalo a CH3 womata pa okisijeni, O–CH3.

4. Mapulotoni a pamphete

Mapulotoni anayi atsala, ndipo apereka zizindikiro ziwiri zokha, chilichonse cha 2H. Mphete yokhala ndi magulu awiri osiyana ingachite zimenezi pokhapokha maguluwo atayang'anizana pa 1 ndi 4, chifukwa apo H-2 amafanana ndi H-6, H-3 amafanana ndi H-5. Akanakhala pa 1 ndi 2, kapena pa 1 ndi 3, tikanaona zizindikiro zinayi za 1H. Pa 1,3 pakanakhala pulotoni mmodzi wopanikizika pakati pa maguluwo, wogawika pang'ono chabe ndi J ya 2 mpaka 3 Hz, ndi winanso wooneka ngati tiripuleti ya 8 Hz. Zonsezi palibe. Mpata wa 8.9 Hz pa zizindikiro zonse ziwiri ukugwirizana ndi mapulotoni okhala pa makaboni oyandikana m'mphete.

Komabe sindikuzitchula madabuleti enieni. Pa tsamba lokulitsidwa, m'munsi mwa mzere uliwonse waukulu mukuoneka timizere ting'onoting'ono. Poyamba munthu angaganize kuti ndi zonyansa za m'chitsanzo, koma timizereti tili mofanana pa 8.00 ndi pa 6.91, ngati chimodzi chikudziyang'ana pagalasi. Chifukwa chake ndi ichi: H-2 ndi H-6 ali ndi δ imodzi, koma H-3 samawaona mofanana. H-2 ali naye pafupi, mabondi atatu, pamene H-6 ali kutsidya la mphete, mabondi asanu, pomwe J imakhala yochepera 1 Hz. Choncho ndi ofanana pa malo, koma si ofanana pa kagawidwe. Dongosolo lotere limalembedwa AA′XX′, ndipo lamulo la n + 1 silifotokoza mizere yake yonse. Nambala ya 8.9 Hz ndi mpata wa mizere iwiri yaikulu, womwe ndi ³J ndi ⁵J kuphatikiza pamodzi. Ndi chifukwa chake ndailemba kuti ndi J yooneka. Mizere yam'kati yatalikirapo pang'ono kuposa yakunja, chizindikiro chilichonse chapendekera kwa chinzake, koma kupendekerako n'kochepa popeza Δν/J = 436/8.9, pafupifupi 49.

Malo a zizindikirozi akuonjezera mfundo. Benzini mu CDCl3 amakhala pa 7.36. Gulu la C=O limakoka maelekitironi kuchoka m'mphete, choncho mapulotoni oyandikana nalo asunthira pa 8.00. Okisijeni amakankhira maelekitironi m'mphete, ndipo oyandikana naye atsikira pa 6.91. Ndiye kuti mphete ili ndi C=O mbali imodzi, O mbali inayo. Izi zikuchotsa `4-methoxyphenyl propanoate`, momwe mphete ili ndi okisijeni mbali zonse ndipo mapulotoni anayi onse amaunjikana cha pa 6.9 mpaka 7.0. Kwateti yake nayo ikanakhala cha pa 2.6.

5. Pomwe kagawikidwe kakulephera

Zidutswa ndi izi: O–CH2CH3, O–CH3, C=O ndi C6H4 ya 1,4. Zingalumikizidwe m'njira ziwiri. Yoyamba ndi A. Yachiwiri ndi B, `methyl 4-ethoxybenzoate`, CH3CH2O–C6H4–COOCH3. Njerwa zake ndi zomwezo, nyumba ndiyo ina.

B imapereka madabuleti ooneka awiri, kwateti, singileti ndi tiripuleti, intigireshoni 2:2:2:3:3, ndi J pafupifupi zomwezi. Zonse zomwe ndalemba mu gawo 3 ndi 4 zikuikira B umboni monga momwe zikuchitira kwa A. Sizodabwitsa, chifukwa okisijeni ndi C=O zimadula kagawidwe, ndipo J ya pakati pa mapulotoni singatiuze chomwe chili kuseri kwake. Lipoti lomwe lingaime pa gawo 4 n'kulengeza A lingakhale litangolota yankho.

Singileti sitithandiza. CH3 wa mu `anisole` ali cha pa 3.8, wa mu `methyl benzoate` cha pa 3.9, ndipo mu A ndi B awiriwa amayandikirana kwambiri, pafupifupi 3.85 ndi 3.88. Sindingamange chigamulo pa 0.03 ppm.

Kwateti ndiyo ikuweruza. O–CH2 womata molunjika pamphete, monga mu `phenetole`, amakhala pakati pa 4.0 ndi 4.1. O–CH2 wa esita, monga mu `ethyl benzoate`, amakhala pakati pa 4.3 ndi 4.4, popeza C=O imakoka maelekitironi kudzera mwa okisijeni. Mu B ndikanayembekezera kwateti cha pa 4.08. Yathu ili pa 4.35. Kusiyana kwa 0.27 ppm pa 400 MHz ndi 108 Hz, kuposa kasanu kutambalala kwa kwateti yonse, komwe ndi 21.4 Hz. Zosungunulira ndi zomwezo, CDCl3, ndipo kusintha kwa kutentha kapena kuchuluka kwa chitsanzo sikungasunthe CH chotere. Pa chifukwa chimenechi ndasankha A.

Chinanso chogwirizana ndi A, ngakhale sichitsimikiza kanthu, n'chakuti A amasungunuka cha pa 7 °C, ndipo chitsanzo chathu chinakhalabe chamadzimadzi m'mawa wozizira wa kuno ku Mzuzu, themomita ya m'laboletale ikuwerenga 15 °C.

6. Zizindikiro zosachokera ku U-7

Pa 7.26 pali CHCl3 wotsalira mu zosungunulira, pa 1.56 pali madzi. Palinso kakwateti kakang'ono pa 3.72 ndi katiripuleti pa 1.25, J = 7.0 Hz, komwe ndi CH3CH2OH wotsalira. Intigireshoni ya kakwatetiko ndi 0.06 pamene ya pa 4.35 ndi 2.00, kutanthauza pafupifupi 3 pa 100 powerenga mamolekyulu. N'zokopa kunena kuti mowa umenewu ukusonyeza kuti esita inapangidwa kuchokera kwa iwo, koma ungathenso kuchokera ku chubu chotsukidwa nawo. Sindinauwerengere ngati umboni.

7. Zoyesa zomwe zingatsimikize kapena kugwetsa A

Popeza chisankho pakati pa A ndi B chatsamira pa nambala imodzi, ndikupempha kuti chiyesedwenso mwa njira ina. Pa ¹³C NMR, A ayenera kuonetsa O–CH3 cha pa 55 ppm ndi O–CH2 cha pa 61, pamene B aonetsa cha pa 52 ndi 64. Pa HMBC, kwateti ya pa 4.35 iyenera kulumikizana ndi kaboni wa C=O cha pa 166 ppm, ndipo ngati yolumikizana naye ikhala singileti, A wagwa. Pa MS, A amataya OCH2CH3 (45) n'kusiya m/z 135, B amataya OCH3 (31) n'kusiya m/z 149.

Njira yomwe tingachite ndi zipangizo za pabenchi ndi kuwiritsa U-7 ndi NaOH yosungunulidwa m'madzi, kuthira HCl, kusefa asidi yemwe watuluka, kumuyeretsa ndi kumuumitsa bwino, kenako kuyeza kutentha komwe amasungunukira. A apereka `4-methoxybenzoic acid`, yemwe amasungunuka cha pa 184 °C. B apereka `4-ethoxybenzoic acid`, cha pa 197 °C. Chitsanzo chomwe chatsala m'botolo ndi pafupifupi 1.5 mL, ndipo 0.5 mL ikwanira.