Ndondomeko ya kuwerenga ya Tadala: yokonzedwanso pambuyo pa maliro

Tadala, pepa ndi imfa ya amalume ako. Ndondomeko yoyamba ija ichotse pakhoma, tiyambira pa iyi.

Poyamba tinakonza masiku 21 okonzekera mayeso, maola 3 pa tsiku, onse pamodzi maola 63. Maliro atenga masiku 4, atsala 17. Ukwati wa achemwali ako utenga Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu la sabata yachiwiri. Lamlungulo ndaliwerengera dala, chifukwa udzakhala wotopa ndipo alendo adzakhala asanabalalike. Lachiwiri lililonse umaperekeza agogo kuchipatala, choncho ndaikapo ola limodzi lokha. Tikachotsanso tsiku limodzi losungira zadzidzidzi, maola 2 pa Lachisanu loyamba ndi ola limodzi pa Lamlungu lomaliza, maola otsala ndi 32: Masamu 12, Bayoloje 8, Kemisitiri 8, Chingerezi 4.

Maola 12 omwe apita ndi maliro usawabweze. Ambiri amalakwa apa: amayamba kuwerenga mpaka usiku wapakati kuti apeze pomwe anasiyira, pakatha masiku atatu mutu sulandiranso kanthu, ndipo zomwe anawerenga ndi tulo m'maso sizikhala. Gona maola 7 kapena 8. Chomwe tichepetse ndi mitu, osati tulo.

Mitu yomwe umaidziwa kale, monga maselo ndi fotosinthesisi, sitiiwerenganso, uzingodziyesa ndi mafunso. Mitu yomwe umaidziwa mwatheka ndiyo itenge nthawi yambiri: alijebura, tirigonometiri, kayendedwe ka magazi, ndi kuwerengera mamolo. Pamenepa ndi pomwe ola limodzi limabweretsa malikisi ambiri. Mitu iwiri yomwe sunaiyambe n'komwe tiisiye kaye. Ndikudziwa kuti zikuwawa kuisiya, koma mutu watsopano umadya maola anayi kapena asanu usanayankhe funso limodzi bwinobwino.

Sabata yoyamba
Lachisanu: Bayoloje ola 1, zopepuka. Mtima ukadali wolemera, ndipo ukaona kuti ukuwerenga mzere umodzi katatu, tseka buku. Si ulesi.
Loweruka: Masamu maola 2, Kemisitiri ola 1.
Lamlungu: Kemisitiri maola 2, Chingerezi ola 1.

Sabata yachiwiri
Lolemba: Masamu maola 2, Bayoloje ola 1.
Lachiwiri: makhadi a Bayoloje podikira kuchipatala.
Lachitatu: pepala lakale la Masamu, maola 2 ndi wotchi, ola lachitatu kuchonga ndi kulemba zomwe walakwa.
Lachinayi: Kemisitiri maola 2, Chingerezi ola 1.
Lachisanu mpaka Lamlungu: ukwati.

Makhadiwo ukonze Lolemba usiku, asapitirire 20: funso kutsogolo, yankho kumbuyo. Mwachitsanzo kutsogolo ulembe kuti mamolo timawapeza bwanji, kumbuyo n = m/M. Uyambe wayankha mumtima usanatembenuze. Khadi lomwe walakwa libwerere pansi pa mulu kuti ukumane nalonso. Buku lalikulu usanyamule kuchipatala, pamzere pamakhala phokoso ndipo agogo adzafuna kuti uziwamvetsera.

Ku ukwati usatengeko kope. Omwe amatenga salitsegula, amangoyenda nalo ndi nkhawa, osawerenga komanso osasangalala. Ngati wadzuka ena asanadzuke, mphindi 15 za makhadi zikukwanira kuti za Lachinayi zisazilale. Chofunika kwambiri uchite sabata ino: ukambirane ndi mayi ako, uwaonetse pepalali, muvomerezane ntchito zomwe zili zako pa ukwatiwo ndi zomwe angapatsidwe ena. Ukakhala chete, ntchito za ukwati ziyamba Lolemba m'malo mwa Lachisanu, chifukwa aliyense akakuona uli pakhomo adzayesa kuti uli ndi mpata.

Sabata yachitatu
Lolemba: Bayoloje maola 2, Kemisitiri ola 1.
Lachiwiri: makhadi a Kemisitiri.
Lachitatu: pepala lachiwiri la Masamu, monga poyamba.
Lachinayi: palibe chomwe ndaikapo.
Lachisanu: pepala la Bayoloje ndi kuchonga kwake, maola 3.
Loweruka: Chingerezi maola 2, kulemba chimangirizo chimodzi ndi wotchi, Kemisitiri ola 1.
Lamlungu: Masamu maola 2, zolakwa za m'mapepala awiri aja zokha. Ugone msanga, mayeso ayamba ndi Masamu Lolemba.

Lachinayi lopanda kanthu lija ndi la zomwe sitikuzidziwa: mwina abale adzakumananso pa nkhani za malemu, mwina agogo adzaitanidwa tsiku lina. Tsiku likatayika, ntchito yake isamukire Lachinayilo, masiku ena asasunthe. Likatayikanso tsiku lina, chotsa maola a Chingerezi poyamba popeza umakhoza kale, kenako Bayoloje. Mapepala awiri a Masamu asachotsedwe zivute zitani. Ngati palibe chomwe chachitika, yambako umodzi mwa mitu iwiri tinaisiya ija.

Pepala la Masamu la Lachitatu loyamba undibweretsere Lachinayi m'mawa, ndilione usanapite ku ukwati.

Mphunzitsi wako wa kalasi