Kulephera kwa galimoto ya Tata Nano pa msika wa ku India

Ntchito ya m'kalasi: Phunziro la Kayendetsedwe ka Malonda

Mu Januwale 2008, pa chionetsero cha magalimoto mumzinda wa New Delhi, kampani ya Tata Motors inaonetsa galimoto yaing'ono yotchedwa Nano, imene inalonjeza kuti idzagulitsidwa pa mtengo wa marupi 100,000. Mkulu wa kampaniyi pa nthawiyo, a Ratan Tata, ankanena kuti ganizoli linawabwerera ataona mabanja athunthu, bambo, mayi ndi ana, atapanikizana pa njinga yamoto imodzi. Cholinga chinali chabwino, koma mfundo yanga m'nkhani ino ndi yakuti kampaniyi inayeza thumba la wogula mosamala kwambiri n'kuiwala kufunsa chimene munthuyo amafuna pamene akugula galimoto koyamba m'moyo wake.

Kuti mtengo utsike chotere, akatswiri anachotsa chilichonse chimene ankaona kuti galimoto ingayende popanda icho. Nano yotsika mtengo kwambiri inali ndi chopukutira galasi chimodzi, inalibe wailesi kapena makina oziziritsa mpweya, ndipo gudumu lililonse linkamangidwa ndi manati atatu okha. Injini ya masilinda awiri inali kumbuyo, ndipo chitseko cha buti sichinkatseguka, kotero kuti munthu wofuna kulongedza katundu ankayamba wapinda mpando wakumbuyo n'kulowetsa katunduyo kudzera m'kati. Mwaluso zimenezi zinali zogometsa, koma wogula akaima pambali pa galimotoyo ankangoona zimene zachotsedwa.

Apa ndi pamene pagona vuto lenileni. Kwa banja limene lakhala zaka likuyendera njinga yamoto, galimoto yoyamba ndi umboni woti zinthu zayamba kuyenda, ndipo achibale ndi anansi amabwera kudzaiona. Koma Nano inatchuka ponseponse monga galimoto yotchipa kuposa zonse pa dziko lapansi, motero aliyense woiona pamsewu ankadziwiratu kuti mwiniwake sanakwanitse kugula ina. Ambiri anaona kuti n'kwabwino kudikira kaye mpaka ndalama zitakwanira galimoto ngati Maruti Alto, kapena kugula galimoto yokulirapo imene wina anayendapo kale, kusiyana ndi kudzigulira chizindikiro cha kuperewera. A Tata eni ake anavomereza mu 2013 kuti kuitsatsa monga galimoto yotchipitsitsa kunali kulakwitsa.

Njira yogulitsira nayo sinagwirizane ndi anthu amene galimotoyo inapangidwira. Ambiri mwa iwo ankakhala m'matauni ang'onoang'ono, kutali ndi nyumba zazikulu zoonetsera magalimoto, ndipo ena analibe zikalata za malipiro zimene mabanki amafuna asanapereke ngongole. N'chifukwa chake ambiri mwa ogula oyambirira anali anthu okhala kale ndi galimoto, amene ankafuna yachiwiri yoyendera m'tauni. Mtengo nawonso unakwera m'kupita kwa nthawi, ndipo lonjezo la marupi 100,000 linatha mphamvu.

Wina angatsutse kuti Nano inagwa chifukwa cha tsoka chabe. N'zoona kuti mu Okutobala 2008 kampaniyi inasiya fakitale yake ku Singur, m'chigawo cha West Bengal, chifukwa cha mikangano ya malo, n'kusamukira ku Sanand ku Gujarat, zimene zinachedwetsa ntchito pa nthawi imene chidwi cha anthu chinali pamwamba. N'zoonanso kuti magalimoto angapo anayaka moto, ndipo mu 2014 bungwe la Global NCAP, limene limayesa magalimoto pa ngozi n'kuwapatsa nyenyezi mpaka zisanu, silinaipatse Nano nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu okweramo. Komabe, ine ndikuona kuti mavutowa anapweteka kwambiri chifukwa anangotsimikizira zimene anthu ankaganiza kale, zoti chinthu chotchipa chotere sichingakhale cholimba. Akanakhala kuti vuto linali kuchedwa kokha, malonda akanakwera fakitale itayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2010. M'malo mwake, mu Novembala chaka chomwecho anagulitsa magalimoto 509 okha, ndipo ngakhale m'chaka chimene malonda anayenda bwino koposa, cha 2011 mpaka 2012, sanafike 75,000, pamene fakitale ya ku Sanand inamangidwa kuti izitulutsa 250,000 pachaka.

Oda zoposa 200,000 zimene zinalandiridwa mu 2009 ziyenera kuti zinapereka chithunzi cholakwika, pakuti zinkaonetsa chidwi cha anthu pa chinthu chatsopano, osati kukula kwa msika umene unkayembekezeredwa. Kafukufuku woyenera akanafunsa eni njinga zamoto ngati angasankhe Nano yatsopano kapena galimoto yakale ya mtengo wofanana, ngati banki ingawabwereke ndalama, ndiponso dzina limene angakonde kuti galimoto yawo izidziwika nalo. Kampaniyi inayesa kukonza zinthu mu 2015 potulutsa GenX Nano, yokhala ndi buti lotseguka ndipo yolunjika kwa achinyamata a m'mizinda, koma mbiri ya kutchipa inali itakhazikika kale, ndipo mu Juni 2018 fakitale inatulutsa Nano imodzi yokha.