Dongosolo la chimangirizo changa cha ulendo wa ku migodi ndi m'mizinda

Funso: Fotokozani zifukwa zimene anthu akumidzi a kummwera kwa Afirika ankasamukira ku migodi ndi m'mizinda kuyambira 1867 mpaka 1974, ndipo longosolani zomwe anakapeza kumeneko. Mawu asapitirire 1,500. Kupereka Lachisanu m'mawa.

Mfundo yanga yaikulu

Anthu ambiri sankapita kuti akakhazikike. Ankapita kuti asunge mudzi: alipire msonkho, agule ng'ombe ndi khasu, akwatire, abwerere. Eni migodi ankadziwa zimenezi ndipo anamanga dongosolo lawo lonse pamenepo, poti munthu amene banja lake likudya za kumunda ukhoza kumulipira zochepa, ndipo akadwala umangomubweza kwawo. Ndime iliyonse ibwerere pa mfundoyi. Poyamba ndinaganiza zogawa pawiri, zowakankha ndi zowakopa, koma ndaona kuti zikungokhala mndandanda wopanda mtsutso.

Mawu oyamba (afupi, mizere isanu basi)

Dayamondi anapezeka mu 1867 pafupi ndi Hopetown ku South Africa, kenako m'dera limene panamera Kimberley, golide ku Witwatersrand mu 1886. Miyala ya golideyo inali pansi kwambiri ndipo golide wake anali wochepa m'mwala uliwonse, choncho phindu linkadalira manja ambiri otchipa. Ndimalize ndi mfundo yaikulu ija.

Ndime 1: Msonkho ndi malo

Iyi ndiyo ndime yolemera, ndiyipatse malo. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, pomwe mudzi unali ndi chimanga, mbuzi ndi nkhuku. Ku Nyasaland unayamba m'zaka za m'ma 1890, ndipo patapita zaka zochepa amene wagwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankalipira theka lokha. Apa pakuonekeratu kuti msonkho sunali wongodzaza thumba la boma, unalinso chikwapu chotulutsira amuna m'midzi. Ndiwonjeze thangata pa maesiteti a ku Shire Highlands, pomwe munthu ankalipira malo okhalapo ndi thukuta lake.

Ku South Africa nkhani inali ya malo. Lamulo la 1913 linasiyira anthu akuda pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse a dziko, ndipo la 1936 linakweza malire kufika pa 13. Ndisaiwale mliri wa ng'ombe wa 1896 ndi 1897 umene unapululutsa makola. Khola likatha, chuma cha ukwati chatha, pulawo yaima, mnyamata ayenera kuyenda.

Ndime 2: Anthu ankasankhanso okha

Ndikangoima pa ndime 1, anthuwa aoneka ngati nkhosa zothamangitsidwa. Sizinali choncho. Malipiro a ku Halale ankaposa a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo a ku Joni ankaposa a ku Halale. Anthu ankauzana mgodi wa kapitawo wankhanza n'kumaulambalala. Ambiri ankayenda okha wapansi kwa masabata, akugwira maganyu m'njira, pozemba kulembedwa ndi bungwe la ku Southern Rhodesia limene ntchito yake anthu ankaitcha chibalo. Mnyamata wobwera ndi njinga, jekete ndi makina osokera ankatumiza anzake ambiri kuposa mlembi aliyense. Kumpoto, ophunzira a ku Livingstonia anali ndi luso lowerenga ndi kulemba koma ntchito zoyenera lusolo kwawo zinali zochepa, n'chifukwa chake ambiri anakakhala makalaliki ndi akapitawo kunja.

Ndime 3: Wenela

Yaifupi. Wenela, bungwe lolemba anthu a migodi ya golide, linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto, kuphatikizapo Nyasaland, chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Nditchule kuti gawo la malipiro linkasungidwa kuti munthu akalandirire kwawo. Mabanja ankapindula, inde, komanso inali njira yotsimikiza kuti munthuyo abwerera ndipo boma lipeza ndalama zakunja.

Ndime 4: Zomwe anakapeza ku mgodi

Pano ndilembe ngati ndikuonetsa munthu chipinda. Komboni ya amuna okhaokha, chipata chimodzi cholonderedwa, mabedi a simenti osanjikizana, mbaula ya malasha pakati, zovala zonyowa zitapachikidwa pa waya. Munthu ankadziwika ndi nambala. Zipinda ankazigawa potsata mitundu, ndipo pansi pa mgodi malamulo ankaperekedwa m'Chifanakalo. Makomboni otsekedwa anayambira ku Kimberley m'zaka za m'ma 1880 ponena kuti akuletsa kuba dayamondi.

Kenako fumbi. Kuboola mwala kunkatulutsa fumbi losalala limene limakhala m'mapapo n'kuwaumitsa pang'onopang'ono, ndipo mapapo otere TB imalowamo mosavuta. Agogo anga aamuna anabwera ndi bokosi lachitsulo lobiriwira, mkati muli bulangete ndi wailesi, komanso chifuwa chimene ankaima nacho kawiri pa mtunda wochoka kudimba. Ndikhoza kuikapo chiganizo chimodzi chokha cha iwo, chifukwa aphunzitsi safuna nkhani za kubanja m'malo mwa umboni. Umboni wake: lamulo la migodi la 1911 linasungira azungu ntchito za luso, ndipo malipiro a anthu akuda m'migodi ya golide, tikawayeza ndi mitengo ya zinthu, sanakwere pakati pa 1911 ndi 1969. Ngozi: mgodi wa malasha wa Wankie ku Rhodesia unaphulika mu 1972 n'kupha anthu oposa 400.

Ndime 5: Mzinda ndi amayi

Mzinda unkafuna manja awo koma osati iwowo. Lamulo la 1923 ku South Africa linkaona munthu wakuda ngati mlendo m'tauni, ndipo chitupa ndicho chinkanena komwe angagone. Amayi, amene migodi sinkawalemba, ankapeza ndalama pochapa, kuphika ndi kufulula mowa, apolisi akuwagwira. Sophiatown, dera la ku Joni kumene anthu akuda ankatha kugula malo, anayamba kuigwetsa mu 1955. Ndisiyanitse ndi migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, kumene makampani ankalola ambiri kukhala ndi akazi awo.

Ndime 6: Sanangokhala chete

Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anayambitsa bungwe lomenyera ufulu wa antchito la ICU pakati pa ogwira ntchito padoko ku Cape Town mu 1919. Ku migodi ya kopa kunali sitiraka mu 1935, msonkho utakwezedwa, ndi ina mu 1940. Mu Ogasiti 1946 anthu pafupifupi 70,000 ananyanyala ntchito m'migodi ya golide ndipo apolisi anawabwezera pansi ndi mfuti. Nditchulenso magulu othandizana pa maliro, mipingo, magule ndi mpira, poti zimenezi nazonso anazipeza, kapena kuti anazipanga okha.

Ndime 7: Mudzi wotsala

Amayi anatenga ntchito zonse, kuphatikizapo kuswa mphanje ndi kufolera nyumba. Komiti ya boma la Nyasaland ya 1935 inadandaula za midzi yopanda amuna. Mawu akuti matchona ndiwafotokoze bwino: anthu amene anapita osabwereranso, makalata n'kuleka. Ndiwo akutsutsa mfundo yanga yoti anthu ankafuna kubwerera, choncho ndisawabise. Ena anakwatira komweko, ena ankachita manyazi kubwera chimanjamanja.

Mawu omaliza

Nditsekere pa Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, ndipo Dr Banda anaimitsa kulemba anthu. Chaka cha 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa.

Kugawa mawu: ndime 1 ndi 4 mawu 300 iliyonse, zinazo 130 kapena kucheperapo. Zikachuluka, ndime 3 ndiilowetse mu ndime 2, Sophiatown ichoke.